Akandifunsa kuti "muli bwanji" ndimasowa choyankha

Wachete:
Moni nonse. Uthenga uwu ndaulemba katatu n'kufufuta, koma lero ndingotumiza. Pali chinthu chimene chinandigwera milungu itatu yapitayi. Kuntchito sindingachinene, ndipo chonde musandifunse kuti n'chiyani. Chimene chikundivuta ndi moni. Ndikangolowa muofesi m'mawa, aliyense amandifunsa kuti mwadzuka bwanji, ine n'kumati ndadzuka bwino, kaya inu. Pakamwa pakunena choncho, koma pakhosi pali chinthu chonditsamwa. Dzulo amayi ena achikulire amene timakhala moyandikana sanalekere pomwepo. Anaika cholembera pansi, n'kundiyang'anitsitsa, amvekere, "Koma muli bwinodi inu?" Ndinaseka, n'kunena kuti eya, kenako ndinathamangira kuchimbudzi. Ndinakatsegula mpopi kuti anthu asamve kuti ndikulira. Mawa andifunsanso, ndikudziwa. Ndiziwayankha chiyani? Kunama kukunditopetsa, koma zoona zake sindingazinene.

Bambo wa Atatu:
Pepani kwambiri achemwali. Koma ine ndikuona ngati mukudzisenzetsa katundu amene si wanu. Moni ndi moni basi. Munthu akati muli bwanji sakufuna mbiri ya moyo wanu, akungosonyeza kuti wakuonani. Mukati ndili bwino simunanamize munthu. Tonsefe timatero, ngakhale tsiku limene m'nyumba mwavuta. Yankhani, mwetulirani, pitirirani.

Mtsikana wa Kukoleji:
Ine sindikugwirizana nazo zobisazo. Amayi, ingomasukani muwauze. Mutu umodzi susenza denga. Mwina amayi akuntchitowo ndi amene angakuthandizeni. Kodi ndi nkhani ya m'banja? Kapena ngongole?

Wachete:
Achemwali, ndinapempha kuti musandifunse. Ndikudziwa kuti mukundifunira zabwino. Nkhaniyi si yanga ndekha, ikukhudzanso munthu wina amene ndinagwirizana naye kuti tisaitulutse. Komanso kuntchito kwathu nkhani siigona, ukauza mmodzi m'mawa, pofika masana yafika kwa abwana.

Abambo, zimene mwanenazo ndikuzimva. Kwa mlonda wa pageti ndimayankha bwinobwino, mtima osagunda n'komwe. Chikundigwetsa ndi funso lachiwiri lija, la munthu amene waona kale kuti china chake chalakwika.

Mtsikana wa Kukoleji:
Pepani, ndinawerenga mothamanga.

Mlangizi:
Ntchito yanga ndi yocheza ndi anthu amene ali pamavuto, ndipo funso ili ndimalimva kawirikawiri. Mwachita bwino kulekanitsa mafunso awiriwa, chifukwa ngakhale mawu ake ndi ofanana, si funso limodzi. Pa funso la mlonda, Bambo wa Atatu akunena zoona. Iye akupereka moni, inu mukubweza moni, palibe wanamizidwa. Pamenepo musadziimbe mlandu.

Amayi akuntchitowo ndi nkhani ina. Iwo anafunsa ataona kale nkhope yanu. Mukawayankha mwansangala kuti muli bwino kwambiri, mawu ndi nkhope zimatsutsana, ndipo munthu watcheru akaona kutsutsanako amafunsanso kachitatu. Ndiye kuti yankho lowala kwambiri ndi limene likuitana mafunso amene mukuwathawa. Kumbali inayo, mukati "zinthu zandivuta kwambiri" n'kukhala chete, mwawapatsa udindo wofunsa kuti chavuta n'chiyani. Sangachitire mwina, kupanda kufunsa angaoneke ouma mtima.

Chimene chimagwira ntchito ndi yankho lokhala ndi mbali zitatu, lonenedwa mosadukiza. Choyamba vomerezani pang'ono zimene aona. Kenako nenani nokha kuti simukamba. Pomaliza apatseni poti apite, kaya ndi kuwathokoza kapena kubwerera ku ntchito. Mwachitsanzo: "Mwaona bwino amayi, masiku ano sindili bwino kwenikweni. Sindinafike poti n'kukamba, koma zikomo kuti mwandifunsa. Kodi mafayilo a dzulo aja munawaona?" Mulibe bodza m'menemo, ndipo chinsinsi chanu sichinatuluke.

Mbali yachiwiriyo ndi imene anthu ambiri amaidumpha. Amavomereza kuti sali bwino n'kusiya mpata, ndipo mumpata umenewo ndi mmene funso lakuti "chachitika n'chiyani" limalowera.

Bambo wa Atatu:
Alangizi, apo ndiye ndikukayika. Kuuza munthu wamkulu kuti sindikamba? Angaone ngati mwawanyoza. Bwanji osangoti mutu ukundipweteka? Aliyense amamva zimenezo ndipo safunsanso.

Dalaivala wa Usiku:
Achimwene, za mutuzo ndiye ayi. Ine ndinadutsamo. Chaka china banja langa linali pafupi kutha, ndipo sindinkafuna kuti anzanga akuntchito adziwe. Tsiku loyamba ndinati mutu. Mnzanga anatulutsa mapiritsi m'thumba, ndinamwa akundiyang'ana, mutu usakupweteka n'komwe. Tsiku lachitatu anandifunsa kuti mutu uja uli bwanji, ine ndinali nditaiwala kuti ndinanena za mutu, ndinangoti kakasi. Mlungu wachiwiri nkhani inafika kwa amene amatigawira maulendo, iwo n'kunena kuti munthu wodwala mutu kosalekeza asagwire chiwongolero usiku mpaka abweretse kalata ya dokotala. Ndinakhala masiku angapo osayenda chifukwa cha matenda amene ndinalibe.

Bodza la matenda limafuna kulidyetsa tsiku ndi tsiku. Uzikumbukira kuti unauza ndani, unati chiyani, unayamba liti. Munthu amene mtima wake walema kale alibe mphamvu zosungira zonsezo. Kenako ndinangoyamba kunena kuti "tikulimbana nazo, achimwene", basi. Zinali zoona, ndipo panalibe choti ndizikumbukira.

Bambo wa Atatu:
Chabwino, za mutu ndazisiya. Koma za ulemu zija sindinayankhidwe.

Gogo wa Pagulu:
Ndiyankhe ine, poti ndine wamkulu amene mukumuopayo. Mwanawe Wachete, munthu wamkulu sakhumudwa chifukwa choti sunamuuze. Amakhumudwa ukamusandutsa wopusa, iye akuona ndi maso ake kuti ukuvutika iwe n'kumuseka kuti palibe kanthu. Ine mwana atandiuza kuti, "Amayi, zilipo ndithu zimene zikundisautsa, koma mundilole ndizisunge kaye. Kundifunsa kwanuku kwandilimbikitsa," ndikhoza kumugwira dzanja n'kumusiya. Mawu akuti "mundilole" ndi amene amafewetsa zonse. Sukuwakaniza, ukuwapempha.

Koma chenjera ndi mawu akuti "ndidzakuuzani". Ngati sukuganiza zodzawauza, usalonjeze. Ife akuluakulu timasunga malonjezo oterowo, ndipo Lachisanu tidzakufunsa kuti nkhani ija bwanji.

Wachete:
Agogo, zikomo. "Mundilole ndizisunge kaye." Ndawanena mawuwa mokweza kuno ndili ndekha ndipo atuluka. Koma ndikuopa kuti pamaso pawo mawu adzanjenjemera. Munthu akandifunsa mwaukali ndimalimba, koma akandifunsa mwachifundo ndi pamene misozi imabwera.

Mlangizi:
Zimenezo zimachitikira anthu ambiri, chifundo ndi chimene chimamasula zimene munthu wamanga tsiku lonse. Ndipo kutopa kumene mukunenaku n'kwenikweni. M'zaka za m'ma 1990, akatswiri a maganizo James Gross ndi Robert Levenson ankaonetsa anthu mafilimu okhudza mtima, ena n'kuwauza kuti asaonetse chilichonse pankhope. Nkhope zinkabisadi, koma zoyezera zinkasonyeza kuti thupi likuvutika kwambiri kuposa la anzawo amene sanauzidwe kubisa, ndipo zimene ankamva mumtima sizinachepe. N'chifukwa chake ndimakonda yankho lovomereza pang'ono. Mukanena kuti simuli bwino kwenikweni, nkhope yanu siifunikanso kunamizira, ndipo katundu amapepukako.

Za mawa, yesani izi. Musayankhe msangamsanga. Tulutsani kaye mpweya pang'onopang'ono, motalika kuposa mmene mwaukokera, kenako lankhulani. Ziganizo zikhale zazifupi, chifukwa mawu amathyokera pakati pa chiganizo chachitali. Simukukakamizidwa kuwayang'ana m'maso nthawi yonse, mukhoza kuyang'ana pepala limene lili m'manja mwanu. Ndipo ngati n'kotheka, yankhani muli chiimire, musanakhale pampando. Munthu woimirira akhoza kunyamula kapu n'kupita kukatunga madzi popanda kuoneka ngati wathawa.

Misozi ikabwerabe, si kuti zonse zawonongeka. Misozi siinena chifukwa chake. Iwo adziwa kuti mukuvutika, zimene akuzidziwa kale, koma sadziwa kuti n'chiyani. Mungoti, "Ndipatseni mphindi zochepa," n'kutuluka.

Mayi Wosoka:
Ine ndili ndi mantha ndi njira imeneyi, ndinene zoona. Ndinayesapo kunena kuti pali zina koma sindikamba. Mnzanga amene ndinamuuzayo anakauza ena kuti ndili ndi vuto lalikulu limene ndikubisa. Pasanathe mlungu, ena ankati ndili ndi matenda, ena ankati amuna anga ali ndi mkazi wina. Zonsezo zinali zabodza, koma anthu anadzaza okha malo amene ndinasiya. Ndikanangoti ndili bwino, bwenzi palibe amene akanayamba kuganiza. Ndiye musanene ngati yankho limeneli lilibe ngozi.

Mlangizi:
Mukunena zoona amayi, ndipo ndikanayenera kuchenjeza. Yankho lovomereza pang'ono si la aliyense. Ndi la munthu amene waona kale, amenenso simunamumvepo akufalitsa za ena. Njira yosavuta yomuyezera ndi iyi: kodi amakubweretserani nkhani zachinsinsi za anthu ena? Ngati amatero, zanunso adzazipititsa. Kwa munthu wotero, "tilipo" kapena "ndangotopa masiku ano" n'zokwanira, ndipo ngati simukugona bwino, kutopako si bodza.

Mayi Wosoka:
Mnzangayo ndinkamukhulupirira ndithu, sanali wamiseche. Munthu sungamudziwe mpaka atakugwetsa. Ine mpaka lero ndimangoti ndili bwino kwa aliyense, ndipo sindikuona kuti ndikulakwa.

Dalaivala wa Usiku:
Simukulakwa amayi. Koma amayi a kuntchito kwa a Wachete aona kale. Kaya awauze kaya asawauze, ngati ali ofalitsa nkhani afalitsabe kuti mnzathu uja akumalira kuchimbudzi. Kusiyana kwake n'kwakuti akapemphedwa kuti asunge, mwina asunga.

Mtsikana wa Kukoleji:
Nanga pafoni? Ine anthu amandilembera kuti uli bwanji, ndimangosiya osayankha mpaka masiku atatu, kenako ndimachita manyazi kuyankha.

Gogo wa Pagulu:
Mwanawe, kukhala chete pafoni kumaopsa kuposa yankho lililonse. Ife tikaona kuti wawerenga koma sunayankhe timayamba kuimbira abale ako. Lemba mzere umodzi: "Ndaona uthenga wanu, masiku ano ndili ndi zambiri m'mutu, ndikakhala phee musadandaule." Ukatero wagula mlungu wathunthu wamtendere.

Wachete:
Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Ndinalowa, ndinaika chikwama, sindinakhale pansi. Anandifunsa kuti mwadzuka bwanji, ndinati ndadzuka. Kenako anatsitsa magalasi awo n'kunena kuti, "Dzulo munandidetsa nkhawa." Ndinatulutsa mpweya uja, n'kunena kuti, "Amayi, mwaona bwino. Zilipo zimene zikundisautsa, koma mundilole ndizisunge kaye." Pa mawu akuti "kaye" mawu anathyoka ndithu. Mbali yachitatu ija, yofunsa za mafayilo, ndinaiiwaliratu. Tinangokhala chete, ine ndikuyang'ana makiyi amene anali m'manja mwanga.

Iwo anati, "Kodi ndi kunyumba?" Apa ndiye ndinatsala pang'ono kuulula zonse, chifukwa funso limeneli sindinalikonzekere. Ndinangobwereza kuti, "Mundilole kaye, amayi." Anagwedeza mutu, n'kubwezera magalasi, n'kunena kuti, "Chabwino. Ndili pompano." Masana anatenga ntchito ina ya patebulo panga n'kuichita okha osanena kanthu.

Sindinalire kuntchito lero. Ndalirira kunyumba.

Bambo wa Atatu:
Ndavomera, agogo anali ndi mfundo. Komabe mwaona kuti anafunsa kuti ndi kunyumba? Mukanati ayi, akanati ndi thanzi? Mukanatinso ayi, akanati ndi ndalama? Mapeto ake akanapeza.

Mlangizi:
Eya, ndipo pamenepo a Wachete anachita bwino koposa mmene ine ndinawalangizira. Munthu akayamba kulota, musayankhe kuti eya kapena ayi, ngakhale pa zimene walota molakwika. "Ayi" aliyense amachotsa chinthu chimodzi, ndipo tsiku limene mudzazengereze kunena kuti ayi adzadziwa kuti wapeza. Kubwereza mawu omwewo mofatsa, osawonjezera chifukwa, ndi kumene kumatseka. Mukayamba kufotokoza chifukwa chimene simungakambire, mwayamba kale kukamba.

Koma amayi, ndili ndi funso limene si la chinsinsi chanu. Mwati papita milungu itatu. Mukugona? Mukudya? Ndipo kupatula munthu amene munagwirizana naye uja, alipo wina amene akudziwa zonse?

Wachete:
Ndimagona mwina maola atatu, ndimadzuka pakati pa usiku osagonanso. Kudya ndimadzikakamiza. Palibe wina akudziwa. Poti pano simukundidziwa, ndingonena. Ndinapita padera. Mimba inali ya miyezi itatu, tinali tisanauze aliyense, ngakhale mayi anga. Amuna anga anati tizisunge tokha kuti anthu asatifunse mafunso, ine ndinavomera. Mlungu wamawa ndikubwerera kuchipatala kuti akandione.

Gogo wa Pagulu:
Mwana wanga, pepa. Pepa kwambiri. Wakhala ukulira maliro wekha, anthu akukupatsa moni ngati tsiku wamba.

Dalaivala wa Usiku:
Pepani achemwali. Ndilibe mawu.

Mlangizi:
Pepani kwambiri amayi, ndipo zikomo kuti mwatikhulupirira. Chisoni chimene muli nachocho n'choyenera, mwataya mwana amene munkamuyembekezera, ngakhale kuti ena sanamudziwe.

Zonse zimene takambirana pano ndi za kuntchito, kumsewu ndi pafoni. Pali malo amodzi pamene sindikufuna kuti muzigwiritse ntchito, ndiwo m'chipinda cha dokotala kapena namwino mlungu wamawa. Nayenso adzayamba ndi "muli bwanji", ndipo pakamwa panu padzafuna kunena kuti ndili bwino chifukwa pazolowera. Anthu ambiri amatero, dokotala n'kuyeza thupi lokha, n'kuwauza kuti zonse zili bwino. Lembani papepala musanapite: ndikugona maola atatu, sindikufuna kudya, ndikulira tsiku lililonse, papita milungu itatu. Mawu akakakana, ingoperekani pepalalo. Achipatala amayang'ana ngati kukhumudwa kapena kusasangalala ndi chilichonse kwakhalapo pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena kuposa, pamodzi ndi zinthu monga kusagona ndi kusadya. Sindikunena kuti muli ndi matenda a maganizo, chisoni chokha chikhoza kuchita zimenezi, koma amene angasiyanitse ndi amene mwamuuza zoona. Ndipo ngati mukutaya magazi ambiri, thupi likutentha kapena m'mimba mukupweteka kwambiri, musadikire mlungu wamawa.

Ndikufunsaninso mosabisa, chifukwa kufunsa sikuika maganizo amenewa mwa munthu: kodi zimakufikirani zoti kuli bwino kufa, kapena zodzivulaza? Ngati zimatero, chimenecho si chosunga kaye. Uzani amuna anu kapena munthu wina wapafupi lero lomwe, ndipo pitani kuchipatala osadikira tsiku lanu.

Wachete:
Ayi, zimenezo sizinandifikire. Ndimangofuna kugona tulo tenitenti. Pepala ndilemba usiku uno.

Mayi Wosoka:
Pepani mnzanga. Inenso zinandichitikira, kawiri. Ndi nkhani yomwe ija imene ndinkabisa, anthu n'kumandinenera zina. Ndiye mukumvetsa chifukwa chake ndimaopa. Koma ndinene chinthu chimodzi chimene ndimanong'oneza nacho bondo: mayi anga ndinawauza patapita zaka, ndipo anandiuza kuti iwonso zinawachitikira ndisanabadwe ine. Tikanalira limodzi nthawi imene ndinkawafuna.

Bambo wa Atatu:
Koma pangano ndi amuna awo lilipo. Asaliphwanye mwamseri, zingabweretse vuto lina pamwamba pa vuto.

Gogo wa Pagulu:
Palibe wanena zamseri. Pangano analipanga awiri, akhoza kulikonzanso awiri. Tsiku limene ankagwirizana sankadziwa kuti kusunga kudzalemera chonchi. Akhoza kuwauza kuti, "Anthu onse asadziwe, ndavomera, koma ndikufuna munthu mmodzi, mayi anga." Mwinanso bamboyo akusowa wake woti amuuze.

Wachete:
Agogo, mwandikumbutsa chinthu. Amuna anga akabwera madzulo amandifunsa kuti waswera bwanji, ine ndimati ndaswera bwino. Inenso ndikawafunsa amati bwino. Milungu itatu yonseyi takhala tikupatsana moni ngati wa pageti uja, m'nyumba mwathu momwe, pa nkhani imene tonse awiri tikuidziwa. Usiku wina ndinawapeza atakhala pakhonde mumdima, foni ili m'manja koma yozimitsa, ndinawafunsa kuti muli bwino, anati eya, ndikungopumako mphepo. Ndinabwerera kukagona.

Za mayi anga sindikudziwa ngati avomera, ndipo sindikufuna kuyamba ndi zimenezo. Akabwera lero n'kundifunsa, ndikufuna ndinene kuti sindinaswere bwino, kenako ndikhale chete, ndione ngati afunse.

Mlangizi:
Kwa iwo mpata uja muusiye wotsegula. Akapanda kufunsa lero, musaganize kuti sakumva kanthu, mwina nawonso pakhosi patsekeka. Mukhoza kungokhala nawo pakhondepo.

Wachete:
Ndamva geti ikutsegulidwa. Ndilembanso mawa.